Tsiku la Arafa chaka cha 2024: Loweruka kapena Lamulungu?

Abiti Yusufu, Durban

Assalamu alaikum abale ndi alongo. Mayi anga ananyamuka ku Mangochi sabata ziwiri zapitazo kupita ku Haji, ndipo pano ali ku Makka. Dzulo ananditumizira uthenga woti atsogoleri a gulu lawo awauza kuti adzaima pa Arafa Loweruka pa 15 Juni, ndipo Idi kumeneko idzakhala Lamulungu pa 16. Koma pa mzikiti umene ndimaswali kuno analengeza kuti mwezi wa Zul Hijja unayamba Loweruka pa 8 Juni, ndipo Idi yathu idzakhala Lolemba pa 17. Ndikawerenga ndi zala, tsiku la 9 la kuno likugwa Lamulungu, pamene mayi adzakhale atachoka kale pa Arafa. Ndikufuna kusala tsiku la Arafa monga ndimachitira chaka ndi chaka, koma sindikudziwa kuti ndisale liti. Chikundiopsa kwambiri n'chakuti ndikasala Lamulungu, mwina ndikhala ndikusala tsiku la Idi, limene tonse tikudziwa kuti n'loletsedwa kusala.

Bakali

Waalaikum salaam achemwali. Nkhaniyi ilibe povuta. Arafa ndi malo amodzi padziko lonse lapansi, ndipo tsiku la Arafa ndi tsiku limene mahujaji aima pamalopo. Loweruka tidzawaona tonse pa wailesi yakanema atavala zoyera. Munthu angaone bwanji anthu ali pa Arafa lero, kenako n'kunena kuti Arafa ndi mawa? Salani Loweruka, chifukwa ndi tsiku limene Haji ikuyamba.

Mwalimu Daudi, Zomba

Achimwene a Bakali, mfundo yanu ili ndi maulama oigwirizira ndipo ndibwereranso kwa iyo, koma mawu anu omaliza ndiwakonze kaye. Haji siyamba tsiku la Arafa. Ntchito zake zimayamba pa 8 Zul Hijja, tsiku lotchedwa Tarwiya, ndipo malinga ndi chilengezo cha ku Saudi Arabia tsikuli ndi Lachisanu pa 14 Juni. Tsiku limenelo mahujaji amene anachita Umura n'kuvula ihiramu amaivalanso, ndipo onse amapita ku Mina kumene amaswali kuyambira Zuhuri mpaka Fajiri ya tsiku lotsatira. Pa 9 dzuwa likatuluka ndi pamene amalowera ku Arafa, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Makka, ndipo amakhala kumeneko mpaka dzuwa litalowa, kenako amakagona ku Muzdalifa. Pa 10, limene ndi Lamulungu pa 16, amagenda miyala 7 pa chipilala chachikulu chokha, amazinga nyama, amameta, ndipo amakazungulira Kaaba. Masiku a 11, 12 ndi 13 ndi a Tashiriki, amene amagona ku Mina n'kumagenda zipilala zonse zitatu, miyala 21 pa tsiku. Choncho mayi a Abiti Yusufu adzamaliza Lachiwiri pa 18 kapena Lachitatu pa 19, malinga ndi zimene gulu lawo lasankha.

Madeti onsewa apachikika pa chinthu chimodzi, chimene ndi madzulo a pa 29 Zul Kaada. Tsiku limenelo Khothi Lalikulu la ku Saudi Arabia limalandira umboni wa amene aona mwezi. Likavomereza umboniwo, mawa lake ndi 1 Zul Hijja, ndipo likapanda kuupeza, Zul Kaada amakwanitsa masiku 30. Chaka chino khothilo linalengeza Lachinayi pa 6 Juni kuti mwezi waoneka, n'chifukwa chake 1 Zul Hijja kumeneko linali Lachisanu pa 7. Kumene muli achemwali mwezi unayamba mawa lake, ndipo kusiyana kwa tsiku limodziko kukutsatirani mpaka pa Idi.

Che Amidu, Namwera

Ine ndikuona ngati vuto ndi makalendala amene timagula. Yanga ya pakhoma inalemba kale masiku onse a chaka chino mpaka Muharamu. Bwanji osangotsatira kalendala ya ku Makka, imene inawerengedwa ndi akatswiri, kuti mkangano uthe?

Hajati Mariamu, Limbe

Che Amidu, kalendala imeneyo inatipusitsa ife m'chaka cha 2016, ndipo ndikuuzeni mmene zinakhalira. Amene anatikonzera ulendo anatipatsa pepala la ndondomeko tisananyamuke, atalemba kuti tidzapita ku Mina Lachisanu pa 9 Sepitembala ndipo Arafa idzakhala Loweruka pa 10. Iwo anakopera madetiwa pa kalendala ya Ummul Kura, imene boma la kumeneko limagwiritsa ntchito m'maofesi. Lachinayi pa 1 Sepitembala, amene munali kumudzi mukukumbukira kuti kunachitika kadamsana wa dzuwa cha m'mawa, ndipo ana anga anandiimbira kuti ku Limbe kuwala kwachepa ngati kukubwera mvula. Madzulo a tsiku lomwelo ndi amene anthu ankafunafuna mwezi ku Saudi Arabia, koma sunaoneke. Khothi linalengeza kuti Zul Hijja ayamba Loweruka pa 3, ndipo Arafa inasunthira Lamulungu pa 11, Idi Lolemba pa 12.

Pepala lija linasanduka lopanda ntchito. Mayi wina wa m'chipinda chathu anali atauza kale abale ake kumudzi kuti adzasale Loweruka, ndipo analibe foni yoti awauzenso. Vuto lalikulu linali la basi yotibweza, chifukwa inali italembedwa motsatira madeti akale. Tinkafuna kukhala ku Mina mpaka pa 13 Zul Hijja, koma tinakakamizika kuchoka pa 12 Zul Hijja. Tsiku limenelo mtsogoleri wathu ankangoyang'ana wotchi ndi kutifulumizitsa, chifukwa amene akufuna kuchoka pa 12 ayenera kutuluka m'malire a Mina dzuwa lisanalowe, apo ayi agonenso ndi kugenda mawa lake. Ine ndinali nditatola miyala 70, koma ndinagenda 49 yokha, ndipo 21 yotsalayo ndinaisiya pakhomo la tenti. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense wopita kuti kalendala ndi yongoyerekezera, ndipo tikiti yobwerera isakhale yothithikana ndi tsiku la 13.

Mwalimu Daudi, Zomba

Zikomo Hajati. Kadamsana amene mwatchulayo ndi umboni wabwino, chifukwa dzuwa limaphimbika pa nthawi yeniyeni imene mwezi watsopano ukubadwa. Mwezi wobadwa m'mawa umakhala wa maola ochepa kwambiri pofika Magharibi. Kalendala ya Ummul Kura imangofuna kuti mwezi ukhale utabadwa dzuwa lisanalowe ku Makka ndiponso kuti ulowe pambuyo pa dzuwa, ngakhale palibe diso limene lingauone. Kuchoka pa 12 kumene munachita sikunachepetse Haji yanu, pakuti Kurani pa sura 2, ndime 203, inaloleza wofulumira m'masiku awiri ndi wochedwerapo, onse popanda tchimo.

Rashidi, Leicester

Mwalimu, ngati zili choncho ndiye kuti chaka chino n'chokayikitsa koposa 2016. Mwezi unabadwa Lachinayi pa 6 Juni nthawi ya 2:37 masana pa nthawi ya ku Malawi, imene ndi 3:37 ku Makka. Dzuwa kumeneko linalowa cha m'ma 7 koloko madzulo, kutanthauza kuti mwezi unali usanakwanitse maola anayi. Odziwa zakuthambo amati diso la munthu silinaonepo mwezi wosakwana maola 15. Ndiye anaona chiyani? Kuno timasiyana pafupifupi chaka chilichonse pa chifukwa chimenechi, mzikiti wina ukutsatira Saudi Arabia, wina ukudikira uthenga wochokera ku Morocco kapena ku South Africa. Ine funso langa ndi loposa la achemwali. Ngati tsiku loona la 9 ndi Lamulungu, ndiye kuti anthu onse amene adzaime Loweruka adzaima pa 8. Kodi Haji yawo idzalandiridwa?

Abiti Yusufu, Durban

Achimwene a Rashidi, mawu amenewo andidula mtima. Mayi anasunga ndalama za ulendowu kwa zaka zambiri, akugulitsa usipa ndi mpunga.

Mwalimu Daudi, Zomba

Mtima ukhale m'malo achemwali. Mawerengedwe a Rashidi a nthawi imene mwezi unabadwa ndi olondola, ndipo ine ndemwe ndimadabwa ndi maumboni ena amene amalandiridwa. Koma hujaji sanalamulidwe kukhala ndi kalendala yakeyake pa Arafa. Pali hadisi imene Tirimizi analandira kuchokera kwa Abu Huraira, imene tanthauzo lake ndi lakuti kusala ndi tsiku limene nonse mukusala, kumasula ndi tsiku limene nonse mukumasula, ndipo kuzinga ndi tsiku limene nonse mukuzinga. Woweruza wa dzikolo akalandira umboni n'kugamula, amene ali pansi pa chigamulocho amachitsatira, ndipo ngati panali kulakwitsa, mtolo wake suli pa mayi wa ku Mangochi amene waima limodzi ndi Asilamu anzake. Komanso mawerengedwe a zakuthambo amatiuza kuti kuona kunali kovuta, koma si ife amene tinafunsa mbonizo.

Palinso chinthu china chimene ambiri sachidziwa, chokhudza nthawi ya kuimako. Mwachizolowezi tsiku la Chisilamu limayamba pa Magharibi, moti usiku umatsogolera usana wake. Koma pa Arafa lamulo la kuima limatenga usiku wotsatira n'kuuphatikiza ku usana wa pa 9. Nthawi imayamba dzuwa likapendeka pa 9, ngakhale a mazihabu a Hambali amati imayamba pa Fajiri, ndipo imatha pa Fajiri ya pa 10. Munthu amene basi yake yachedwa, n'kufika pa Arafa pakati pa usiku, akakhala m'malire ake ngakhale kanthawi kochepa Fajiri isanakwane, wapeza Haji. Amene wafika Fajiri itakwana waiphonya Haji ya chaka chimenecho, ndipo palibe nyama yozinga imene ingalowe m'malo mwa kuimako, pakuti Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, ananena kuti Haji ndi Arafa. Pa nthawi ya kwathu, dzuwa lidzapendeka ku Arafa cha m'ma 11:20 m'mawa Loweruka, ndipo lidzalowa itangodutsa 6 koloko madzulo.

Hajati Mariamu, Limbe

Pa mawu akuti m'malire, auzeni mayi kuti asalimbane ndi kulowa mu mzikiti wa Namira. Mbali yakutsogolo ya mzikitiwo ili m'chigwa cha Urana, chimene si gawo la Arafa, ndipo munthu akakhala pamenepo tsiku lonse n'kuchoka osaponda mkati mwa malire, sanaime. Pali zikwangwani zikuluzikulu zosonyeza poyambira ndi pothera Arafa. M'tenti ya gulu lawo ndi mokwanira, ndipo kukwera phiri sikofunika. Komanso asasale tsiku limenelo, chifukwa amayi athu ambiri amaganiza kuti kusala pa Arafa penipeni ndiye kopambana. Mtumiki anamwa mkaka pamaso pa anthu ali pa ngamira yake tsiku limenelo, umene Ummul Fadhili anamutumizira pofuna kuthetsa mkangano woti kaya akusala kapena ayi. Ndi kutentha kwa mwezi wa Juni kumeneko, awauze kuti azimwa madzi.

Bakali

Zonsezi ndamva ndipo pa tsiku loyambira Haji ndavomera kuti ndinalakwitsa. Koma funso la achemwali silinayankhidwe. Hadisi ya m'buku la Muslim ikunena za kusala tsiku la Arafa, kuti kumafafaniza machimo a chaka chapita ndi chikubwera. Sikunena kuti kusala pa 9. Dzina la tsikulo lachokera pa malo, ndiye tsikulo litsatire malowo.

Mwalimu Daudi, Zomba

Apa ndi pamene maulama agawanika, ndipo sindibisa kuti mbali zonse zili ndi anthu ozama. Komiti yopereka fatuwa ya ku Saudi Arabia inayankhapo mogwirizana ndi inu, kuti tsiku la Arafa ndi limene anthu aima pa Arafa. Koma Shehe Ibn Uthaimin, wa dziko lomwelo, anaphunzitsa kuti dziko lililonse litsatire kuoneka kwa mwezi kwake, ndipo ngati 9 yawo ikusiyana ndi ya ku Makka, asale pa 9 yawoyo. Ine ndimapendekera ku mbali yachiwiriyi, ndipo zifukwa zanga ndi ziwiri.

Choyamba ndi nkhani ya Kuraibu, imene ilinso mu Muslim. Iye anaona mwezi wa Ramadhani ku Shamu usiku wa Lachisanu, pamene ku Madina anauona usiku wa Loweruka. Atabwerera n'kumuuza Ibn Abbasi kuti Muawiya ndi anthu onse a ku Shamu anayamba kusala tsiku limodzi patsogolo, Ibn Abbasi sanasinthe mawerengedwe a ku Madina, ndipo ananena kuti umu ndi mmene Mtumiki anawalamulira. Nkhaniyi ndi ya Ramadhani, koma mwezi wa Zul Hijja umayamba mwa njira yomweyo imene miyezi ina yonse imayambira.

Chachiwiri ndi chakuti Mtumiki anakhala akuswali Idi ya nsembe ku Madina kuyambira chaka chachiwiri cha Hijira, pamene Haji yake anaichita m'chaka cha 10. Pakati pa mizinda iwiriyi pali makilomita oposa 400. Pamasiku asanu ndi anayi wokwera ngamira akanatha kubweretsa uthenga wa ku Makka, koma sitinamve kuti ankatumiza munthu chaka ndi chaka kukafunsa tsiku limene mwezi waoneka kumeneko. Ndipo agogo athu a m'mbali mwa nyanja, amene anasala tsikuli kalekale wailesi isanabwere, ankawerenga kuchokera pa mwezi umene anauona ndi maso awo. Sindingathe kunena kuti onsewo ankaphonya.

Bakali

Iwo sankadziwa, Mwalimu, koma ife tikudziwa. Wosadziwa ndi wodziwa lamulo lawo silingafanane.

Rashidi, Leicester

Achimwene a Bakali, nanga ola ndi ola tingalitsatire? Ku Durban dzuwa la mwezi uno likulowa itangokwana 5 koloko, ndiye kuti achemwali akasala Loweruka adzamasula ola lathunthu mahujaji adakali pa Arafa. Msilamu wa ku New Zealand, amene ali maola 9 patsogolo pa Makka, dzuwa lake la Loweruka lidzakhala litalowa kale pamene la ku Arafa likupendeka. Kusala pa nthawi imodzimodzi ndi kuimako sikutheka kwa dziko lonse, ndiye aliyense amabwererabe ku dzuwa la kwawo. Ngati dzuwa timatsatira lathu, mwezi tikuukaniranji?

Bakali

Dzuwa limasiyanitsa maola, koma Loweruka ndi Loweruka kulikonse. Pamenepa sindinasunthe.

Che Amidu, Namwera

Ine ndinamva kuti Arafa ikagwa Lachisanu imakhala Haji yaikulu yoposa Haji 70. Ngati Zul Hijja anayamba Lachisanu chaka chino, kodi si ndiye kuti ndi chaka chimenecho?

Mwalimu Daudi, Zomba

Ayi Che Amidu, limene lagwa Lachisanu ndi 1 ndi 8, ndipo Arafa ndi Loweruka. Chaka chimene inagwa Lachisanu posachedwapa ndi 2022, pa 8 Julayi, monga mmene inagwera pa Haji ya Mtumiki. Koma mawu a Haji 70 aja akatswiri a hadisi anawakana kuti alibe maziko, ndipo tsiku la Haji yaikulu lotchulidwa m'sura 9 ambiri amati ndi la 10, chaka chilichonse. Mukayang'ana madeti muona kuti 8 Julayi 2022 inatsatiridwa ndi 27 Juni 2023, kenako 15 Juni chaka chino, chifukwa chaka cha mwezi chili ndi masiku 354 kapena 355. Choncho chaka chamawa tiyembekezere sabata yoyamba ya Juni, koma tsiku lenileni lidzadziwika pa 29 Zul Kaada.

Tsopano kwa inu Abiti Yusufu. Chaka chino kusiyanaku kwagwa mbali yopepuka, chifukwa inu muli m'mbuyo mwa Makka. Loweruka pa 15 ndi 8 Zul Hijja kwanuko, ndipo kusala m'masiku asanu ndi anayi oyambirira a mwezi uno ndi kwabwino kale. Lamulungu pa 16 ndi 9 yanu. Mukasala masiku onse awiri mwakwaniritsa maganizo onse awiri. Mantha anu a Lamulungu ndi osafunika malinga ngati Idi yanu mukuswali Lolemba pamodzi ndi mzikiti wanu, chifukwa tsiku loletsedwa kwa inu ndi Idi ya kumene muli. Chimene simungachite ndi kusakaniza, kusala Lamulungu pamene m'mawa mwake mwakaswali Idi ndi gulu lotsatira Makka. Amene wasankha Idi ya Lamulungu, 9 yake ndi Loweruka ndipo Lamulungu asasale.

Rashidi, Leicester

Njira ya masiku awiriyo imagwira pokhapokha tikakhala m'mbuyo. Dziko likatsogola ndi tsiku limodzi, tsiku limene mahujaji aima limakhala Idi kwa iwo, ndipo pamenepo munthu ayenera kusankha mbali.

Mwalimu Daudi, Zomba

N'zoona, ndipo pamenepo ine ndinganene kuti asasale tsiku limene anthu a kwawo akuswali Idi, ngakhale akuona Arafa pa kanema. A Bakali mwina anena zina.

Abiti Yusufu, Durban

Zikomo nonse. Ndisala Loweruka ndi Lamulungu, Mulungu akalola, ndipo Lolemba ndi tchuthi kuno chifukwa tchuthi cha boma cha pa 16 Juni chagwa Lamulungu, moti ndikaswali Idi popanda kupempha kwa abwana. Koma patsala chinthu chimodzi. Ndatumiza ndalama kwa malume ku Mangochi kuti andizingire mbuzi. Ngati mudzi wathu udzaswali tsiku losiyana ndi la kuno, adzazinge liti? Nanga takibira ndiyambe Loweruka kapena Lamulungu?

Mwalimu Daudi, Zomba

Takibira ya pambuyo pa swala iyambeni pa Fajiri ya 9 yanu, Lamulungu, mpaka Asiri ya pa 13, limene ndi Lachinayi pa 20, ndipo zonse pamodzi ndi swala 23. Za mbuzi, maulama amasiyana ngati tiyang'ane kumene kuli nyama kapena kumene kuli mwini wake, ndiye chotetezeka ndi kusankha tsiku limene lili mkati mwa nthawi ku mbali zonse. Auzeni malume kuti azinge Lolemba pa 17 swala ya Idi itatha, kapena Lachiwiri pa 18. Kaya mudziwo uswali Lamulungu kaya Lolemba, masiku awiriwa ali pakati pa 10 ndi 12 kwa iwo ndi kwa inu. Ife a Shafi timaloleza kuzinga mpaka dzuwa la pa 13 litalowa, koma anzathu a Hanafi, amene mwina ndi ambiri pa mzikiti wanu ku Durban, amalekezera pa 12.

Hajati Mariamu, Limbe

Achemwali, mukafuna kulankhula ndi mayi muwaimbire Lachinayi madzulo asanapite ku Mina. Kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu mafoni amavuta ndipo mabatire amatha, ndiye mukaona kuti sakuyankha musade nkhawa. Muwafunsenso ngati gulu lawo likuchoka ku Mina pa 12 kapena pa 13, kuti adziwe kuchuluka kwa miyala yoti atole.